Kugawana lendi, magetsi ndi madzi m'nyumba ya anthu atatu osiyana matumba

Mkangano wathu woyamba unabuka usiku wina wa mu Julaye, mita ya magetsi itayamba kulira nsima ili pamoto. Tinali titagula mayunitsi masiku asanu ndi anayi okha m'mbuyomo. Tonse atatu tinaimirira pakhonde, aliyense atadzikuta chitenje chifukwa cha kuzizira kwa Mzuzu, n'kumayang'ana kanambala kofiirako ngati katiuza amene wadya magetsi. Tinkakhala ku Luwinga m'nyumba ya zipinda zitatu: ine mphunzitsi, mnzathu wina namwino, ndi mtsikana wina wophunzira pakoleji amene makolo ake ankamutumizira ndalama kuchokera ku Dedza. Mpaka tsiku limenelo chilichonse tinkangogawa patatu, poganiza kuti chilungamo n'chimenecho.

Zimene tinaphunzira pa miyezi yotsatira n'zakuti mabilu a m'nyumba sagawidwa ndi mpeni umodzi. Lendi ili ndi kagawidwe kake, magetsi kawo, madzinso kawo, ndipo nkhani ya malipiro a munthu iyenera kulowa pamalo amodzi okha. Manambala amene ndigwiritse ntchito pano ndawasalaza dala kuti masamu asavute. Inu muikepo a pa lisiti yanu.

Choyamba: tsiku lolowa, jambulani mamita

Musanatsitse ngakhale matiresi pa kabaza kapena pa lole, pitani pa mita ya magetsi ndi ya madzi, mujambule manambala ake ndi foni, a landilodi alipo. Mita ya ESCOM yolipiriratu imaonetsa mayunitsi amene atsala. Ya madzi ili ndi manambala akuda ndi ofiira: akudawo ndi amene amawerenga makyubiki mita, ndipo ndi amene amagwiritsidwa ntchito polemba bilu. Ngati madzi a panyumbapo ndi olipira pakutha pa mwezi, pemphani kuti muone bilu yomaliza ya Northern Region Water Board. Ngongole ya madzi imatsalira pa akaunti ya nyumbayo, wobwereka wakale akasamuka siimutsatira, ndipo tsiku lodzadula madzi adzapezapo inu.

Funsaninso ngati mita ndi yanu nokha. Ku Chibavi, ku Chiputula ngakhale ku Luwinga komweko, nyumba zambiri zili ndi kanyumba kena kuseri kamene kamakoka magetsi ndi madzi pa mita yomweyo. Ngati zili choncho, anthu a kuseriwo ayenera kulowa m'masamu onse amene ndifotokoze, apo ayi mudzakhala mukukangana atatu pa magetsi amene akudya anthu asanu ndi mmodzi.

Chachiwiri: yezani nyumba, lendi igwe pa malo

Bwerekani tepi kwa kalipentala kapena kwa telala, muyeze chipinda chilichonse m'litali ndi m'lifupi. Zimaoneka ngati kuchulutsa gaga m'diwa, koma ndi ntchito ya mphindi makumi awiri, ndipo imatseka pakamwa pa aliyense kwa chaka chathunthu.

Kwathu zinatuluka motere. Chipinda chachikulu, chimene anatenga anamwino, chinali mamita 5 kwa 3, kutanthauza masikweya mita 15. Changa chinali 4 kwa 3, masikweya mita 12. Cha wophunzira chinali 3 kwa 3, masikweya mita 9. Zipinda zonse pamodzi ndi 36. Malo a tonse, amene ndi pabalaza, khitchini, bafa ndi chimbudzi, anakwana 24. Nyumba yonse ndi 60, ndipo lendi inali K300,000 pamwezi. Mukagawa K300,000 ndi 60 mupeza kuti sikweya mita iliyonse ikudya K5,000.

Apa ndiye zinthu zimayamba kuoneka. Chipinda cha anamwino mtengo wake ndi K75,000, changa K60,000, cha wophunzira K45,000. Zikaphatikizidwa ndi K180,000. Yotsala, K120,000, ndi ya malo a tonse. Tikanagawa yotsalayo mofanana, aliyense K40,000, anamwino akanapereka K115,000, ine K100,000, wophunzira K85,000. Onani kuti pamenepa sitinafunse n'komwe kuti wina amalandira zingati, koma kale pali kusiyana kwa K30,000 pakati pa wa chipinda chachikulu ndi wa chaching'ono. Kwa miyezi inayi mtsikana uja ankalipira K100,000 pa chipinda chimene bedi ndi tebulo lowerengera zinkatsekereza chitseko.

Tepi siiona zonse. Chipinda chokhala ndi bafa lakelake, wonjezerani malo a bafalo pa chipindacho. Chipinda chimene khoma lake limachita nkhungu nyengo ya mvula, zimene ku Mzuzu sizachilendo poti mvula imachedwa kutha, kapena choyang'ana kumsewu kumene njinga zamoto zimalira mpaka usiku, mungachichotsere kenakake. Gwirizanani ndalamayo musanasankhe zipinda. Aliyense akadziwa kale chipinda chake, amayamba kuchipezera matenda.

Njira ina yoyesera ngati mitengo mwaiika bwino ndi kufunsa aliyense kuti, pa mitengo imeneyi, kodi ungakonde kusinthana ndi mnzako? Ngati anthu awiri akulimbirana chipinda chimodzi, ndiye kuti mwachitchipitsa. Chikwezeni ndi K5,000, muchotse pa chimene palibe akuchifuna, mufunsenso.

Chachitatu: malipiro alowe pa malo a tonse okha

Apa m'pamene pamafunika kuyenda mosamala, chifukwa ife Amalawi kutchula malipiro athu timakuona ngati kuvula pagulu. Ife tinachita kulemba pa timapepala ndalama imene aliyense amatenga pamwezi msonkho ndi ngongole za kuntchito zitachotsedwa, ndipo tinagwirizana kuti sitifunsana pepala la malipiro. Anamwino analemba K600,000, ine K400,000, wophunzira K200,000, kuphatikiza zochokera kwa makolo ndi zimene ankapeza poluka anzake tsitsi.

Pali anthu amene amati lendi yonse igawidwe potengera malipiro. Tikanatero, anamwino akanapereka K150,000, ine K100,000, wophunzira K50,000, aliyense gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama zake. Papepala zimakoma. Koma ine ndaona kuti sizikhalitsa pakati pa anthu amene si apachibale. Wolipira kwambiri amayamba kudziona ngati mwini nyumba, pa wailesi ya kanema pamaonetsedwa zimene iye akufuna, alendo ake amagona pabalaza osapempha. Wolipira pang'ono naye amayamba kukolopa nyumba yonse yekha popanda womutuma, ngati akubweza ngongole. Ndipo tsiku lina wa ndalama zambiriyo amawerengera n'kupeza kuti ndi K150,000 yakeyo angapeze kanyumba kayekha, basi n'kusamuka, otsalanu n'kugwira njakata.

Ndiye ife tinati chipinda ndi katundu amene munthu wagula, aliyense alipire mtengo wake. Malipiro akhudze K120,000 ya malo a tonse ija basi. Malipiro athu anali ngati 3, 2 ndi 1, zonse pamodzi magawo 6, gawo lililonse K20,000. Anamwino akanapereka K60,000, ine K40,000, wophunzira K20,000. Kuphatikiza ndi zipinda, lendi ikanakhala K135,000, K100,000 ndi K65,000.

Anamwino anayang'ana pepalalo kanthawi, kenako anati, “Achemwali, ine ndalama imeneyi sindidya ndekha. Ndili ndi ana awiri a malemu mchimwene wanga kusekondale.” Zinali zoona, ndipo sitikanatha kutsutsa. Malipiro aakulu kuno kwathu amakhala ndi mchira wautali wa anthu. Koma mukayamba kuchotsera aliyense maudindo ake, simumaliza, poti nanenso ndinali ndi amayi kumudzi. Tinangokumana pakati: m'malo mwa 60, 40 ndi 20, tinati 50, 40 ndi 30. Lendi yomaliza inakhala K125,000 anamwino, K100,000 ine, K75,000 wophunzira.

Mfundo imene ndikufuna muigwire apa ndi yakuti K10,000 imene anamwino anawonjezera pamwamba pa K115,000 ija si ngongole yawo kwa wina aliyense. Ndi thandizo limene anavomera okha. N'chifukwa chake tinalilemba padera m'kope, ndi tsiku lodzalionanso pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Wophunzira akadzayamba ntchito, kapena anamwino akadzapanikizika, K10,000 imeneyo imachoka popanda kukhudza mitengo ya zipinda. Ngati wolandira zambiri akana kuwonjezera chilichonse, musamuumirize. Imani pa masamu a tepi aja, omwe ndi achilungamo kale.

Chachinayi: magetsi, werengani zotenthetsa zokha

Pa magetsi malipiro asalowepo. Amene wayatsa ndi amene alipire.

Usiku wa mkangano uja, mlandu wonse tinaukankhira kwa wophunzira chifukwa ankawerenga mpaka m'bandakucha, babu ili chiyakire, laputopu ili pamoto. Titakhala pansi n'kuwerengera, tinachita manyazi. Chipangizo chilichonse chamagetsi chili ndi kachizindikiro kumbuyo kapena kunsi kolembedwa nambala yotsatana ndi W, amene ndi mawati. Yunitsi imodzi ya ESCOM, imene pa lisiti imalembedwa kWh, ndi mawati 1,000 oyaka kwa ola limodzi. Masamu ake ndi awa:

```
W × maola × masiku ÷ 1000 = kWh
```

Babu yosadya magetsi ya mawati 9, yoyaka maola 10 usiku uliwonse kwa masiku 30, imadya mayunitsi osakwana atatu. Laputopu ya mawati 60, maola asanu patsiku, imadya 9 pamwezi wonse. Hita ya anamwino inali ya mawati 2,000. Ankaiyatsa maola awiri akaweruka, masiku 20 pamwezi, ndipo imeneyo yokha inkadya mayunitsi 80. Zimene mtsikana uja ankagwiritsa ntchito mwezi wonse pa babu ndi laputopu, hita inkamaliza m'masiku atatu.

Lamulo lake ndi lophweka: chimene chimatentha ndicho chimadya. Hita, hotipuleti, ketulo, ayironi, choumitsira tsitsi, giza ngati ilipo. Mafoni, mababu, laputopu ndi wailesi musataye nazo nthawi, ziponyeni m'gulu la magetsi a tonse. Ife tinagwirizana kuti chilichonse chosafika mayunitsi 10 pamwezi sitichiwerenga, chifukwa mukayamba kuwerengerana kutchaja foni nyumba imasanduka polisi.

Tsopano nazi ntchito zake mwezi ndi mwezi. Pa 1 lembani mayunitsi amene ali pa mita. Aliyense akagula, alembe m'kope tsiku, ndalama ndi mayunitsi amene atuluka. Pakutha pa mwezi lembaninso otsala. Mwezi umene ndikupereka chitsanzowu tinayamba ndi 18, tinagula 310 pa K46,500, ndipo tinatsala ndi 28. Ndiye kuti tinagwiritsa ntchito 18 kuphatikiza 310 kuchotsa 28, amene ndi mayunitsi 300. Mtengo wa yunitsi imodzi timaupeza pogawa ndalama yonse ndi mayunitsi onse ogulidwa: K46,500 kugawa ndi 310 ndi K150. Magetsi a mweziwo ndi K45,000.

Kugawa ndalama yonse ndi mayunitsi onse kuli ndi chifukwa chake. Pa mita ya pakhomo, mayunitsi 50 oyambirira pamwezi amagulidwa motsika mtengo kuposa otsatira. Wogula koyamba mwezi ukangoyamba amapeza ochuluka, wogula pa 20 ndi ndalama yomweyo amapeza ochepa. Kwathu zinafika poganizirana kuti wina wabisa chenji. Sikuti waba, ndi mmene mtengo umayendera, ndiye musamayerekeze malisiti a anthu awiri. Phatikizani onse, mupeze mtengo wapakati.

Kenako aliyense atchule zotenthetsa zake. Anamwino: hita 80, kusita yunifolomu ndi ayironi ya mawati 1,000 kwa theka la ola masiku 20, mayunitsi 10, zonse 90. Ine ndinkabwera masana kudzaphika ndekha pa hotipuleti ya mawati 1,500 kwa ola limodzi tsiku lililonse, mayunitsi 45, ndiponso kusita kwanga kwa theka la ola tsiku ndi tsiku, 15, zonse 60. Wophunzira ankawiritsa madzi a tiyi usiku ndi ketulo ya mawati 2,000, pafupifupi maola 7 ndi theka pamwezi, mayunitsi 15. Zonsezi pamodzi ndi 165. Otsala, 135, ndi a filiji, mababu a panja, wailesi ya kanema, madzi osamba ndi chakudya chamadzulo chimene tinkaphika limodzi. Amenewa ndi ogawana mofanana, aliyense 45.

Anamwino anakhala ndi mayunitsi 135, ndalama yake K20,250. Ine 105, K15,750. Wophunzira 60, K9,000. Pogawa patatu paja aliyense ankapereka K15,000, kutanthauza kuti wosauka pa tonsefe ankalipirira zotenthetsa za anzake K6,000 mwezi uliwonse wozizira.

Masamuwa ali ndi polekezera pake. Ayironi, hotipuleti ndi mahita ambiri amadzizimitsa okha akatentha n'kuyakanso, choncho sadya mawati onse olembedwawo ola lathunthu. Wina akadandaula kuti mwamuchulukitsira, yesani pa mita penipeni. Zimitsani zonse m'nyumba, filiji yomwe, lembani nambala, yatsani chipangizocho kwa ola limodzi, muwerengenso. Kusiyana kwake ndiye yankho, ndipo palibe amene amakangana ndi mita. Vuto lina ndi maola. Palibe amene amayang'ana wotchi poyatsa hita, ndipo aliyense amadzichepetsera. Mudzazindikira kuti wina akudzichepetsera ngati mayunitsi a tonse aja akukwera popanda chifukwa. Kwathu ankakhala pakati pa 125 ndi 140. Mwezi wina anafika 190, ndipo titafufuza tinapeza kuti ine ndemwe ndinaphika nyemba pa hotipuleti kangapo, maola atatu atatu, osalemba. Kuyambira pamenepo nyemba zinabwerera pa mbaula.

Simufunika kubwereza masamu onsewa mwezi uliwonse. Achiteni kawiri pachaka, kamodzi m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye, kenanso kukatentha mu Okutobala, mupeze magawo a aliyense. Ife m'nyengo yozizira tinkadziwa kuti pa K100 iliyonse ya magetsi anamwino apereka K45, ine K35, wophunzira K20. Hita ikalowa m'katoni, magawo ankasintha. Ndipo ngati wina ayamba bizinesi yodalira magetsi a m'nyumba, kaya ndi mafilizesi m'filiji yakeyake, kaya kuphika makeke, chipangizo chimenecho chiyesedwe pa mita sabata yomweyo.

Chachisanu: madzi, werengani mitu ndi masiku

Madzi ndi osavuta chifukwa anthu sasiyana kwenikweni pa kusamba, kuchapa ndi kugujumula kuchimbudzi. Chimene chimasiyanitsa ndi masiku amene munthu wagona m'nyumbamo ndi alendo amene wabweretsa. Werengani tsiku lililonse la munthu aliyense ngati gawo limodzi.

Mwezi wa chitsanzo chathu bilu inali K18,000. Anamwino anakhala masiku 30, ndipo mng'ono wawo anabwera kudzacheza masiku 10, zonse 40. Ine 30. Wophunzira anapita kwawo ku tchuthi masiku 10, ndiye ake ndi 20. Onse pamodzi ndi 90, ndipo K18,000 kugawa ndi 90 ndi K200 pa munthu patsiku. Anamwino K8,000, ine K6,000, wophunzira K4,000.

Nkhani ya alendo ndi yoterera. Mlendo sawerengeredwa madzi, tonse tinaleredwa choncho, ndipo palibe amene angafune kuti amayi ake atabwera kuchipatala kuchokera ku Rumphi kapena ku Nkhata Bay amve kuti alembedwa m'kope. Ife tinaika malire: mlendo wogona masiku atatu kapena kuchepera ndi wa tonse, sitilemba. Akapitirira, masiku ake onse amapita kwa womuitana, mwakachetechete, mlendoyo osadziwa. Wobwera Lachisanu lililonse n'kuchoka Lolemba, amene mswachi wake uli kale kubafa, ameneyo si mlendonso. Alowe pa madzi ndi pa magetsi a tonse, ndipo akafika theka la mwezi, mukambirane za lendi ya malo a tonse.

Wina akamagwiritsa ntchito madzi pa zinthu zakezake, monga kutsuka galimoto kapena kuthirira dimba la mpiru kuseri, werengani ndi ndowa. Kyubiki mita imodzi ndi malita 1,000, amene ndi ndowa 50 za malita 20. Gawani ndalama ya pa bilu ndi makyubiki mita olembedwapo kuti mupeze mtengo wa imodzi, muchotse za mwini dimbayo, kenako mugawe zotsalazo.

Bilu ikakwera modzidzimutsa, musayambe ndi kulozana zala. Tsekani mipopi yonse usiku, aliyense atunge madzi ake m'ndowa, musagujumule, lembani manambala onse a pa mita, ofiira omwe. M'mawa muwerengenso. Ngati asuntha, madzi akutayika penapake, ndipo kawirikawiri ndi thanki ya kuchimbudzi imene mpira wake sukutseka. Tsegulani chivundikiro mumvetsere, mudzamva kakulira kosalekeza. Paipi yophulika pansi imadziwika ndi malo onyowa kapena udzu wobiriwira kwambiri nthawi ya chilimwe. Kutayika kwa mbali ya nyumba, kupitirira mita, kumalowa pa bilu yanu. Uzani a landilodi tsiku lomwelo kudzera pa uthenga wolemba, kuti pokambirana za kuchotsera pa lendi mukhale ndi umboni wa tsiku. Ndalama yowonjezekayo, ngati iwo akana kuisenza, gawanani mofanana, poti palibe amene anasamba madziwo.

Chachisanu ndi chimodzi: zing'onozing'ono

Mlonda wa m'dera, wotaya zinyalala, sopo wa kuchimbudzi, tsache, babu yopsa: gawani mofanana, ndipo wopita ku tchuthi aperekebe, monganso lendi, chifukwa katundu wake akulonderedwa. Kwathu zinkakwana K15,000, aliyense K5,000. Makala agawane okhawo amene amaphikira limodzi.

Pomaliza mwezi umenewo anamwino anapereka K158,250, ine K126,750, wophunzira K93,000. Zonse ndi K378,000. Nthawi zonse phatikizani magawo atatuwo muone ngati akufanana ndi mabilu onse pamodzi. Akasiyana, penapake mwalakwitsa masamu, ndipo ndi bwino kupeza nokha wina asanakupezereni.

Chachisanu ndi chiwiri: ndani asunge ndalama, ndipo liti

Kugawa bwino sikuthandiza ngati ndalama siifika. Sankhani munthu mmodzi wosunga thumba la nyumba kwa miyezi itatu, kenako musinthane. Magetsi amafuna ndalama patsogolo, choncho mwezi ukamayamba aliyense aponye m'thumba gawo lake potengera mwezi watha, ndipo pakutha pa mwezi wopereka mopitirira abwezeredwe kapena zimuchotsekere mwezi wotsatira. Njira yoti lero agula uyu, mawa agula uyo, ndi imene inatisiya pakhonde usiku uja, aliyense akuti ndinagula komaliza ndine.

Potumizirana pa Airtel Money kapena pa Mpamba, gwirizanani kuti wotumiza awonjezere yotapira, kuti wosunga thumba asamadyeke pang'onopang'ono. Uthenga wotsimikiza kuti ndalama yapita, tokeni ya magetsi ndi lisiti ya lendi, zonse zijambulidwe n'kuponyedwa pa gulu lanu la WhatsApp. Kope la pakhitchini likhalepobe, chifukwa mafoni amatayika.

Tsiku losonkha liikeni patsogolo pa tsiku la a landilodi ndi masiku osachepera asanu. Malipiro amachedwa nthawi zina, ndipo wophunzira ndalama yake imabwera mwa apo ndi apo. Eni nyumba ambiri amafuna lendi ya miyezi itatu nthawi imodzi. Ngati ndi choncho kwanu, musadikire mwezi wachitatu kuti munthu apeze K225,000 kamodzi. Azisonkha K75,000 yake mwezi uliwonse, isungidwe ku akaunti imene si ya ndiwo. Wina akalephera, amene wamulipirira alembe m'kope ngati ngongole ya anthu awiriwo, ndi tsiku lobweza, osati ngongole ya nyumba.

Chotsala ndi kusamuka. A landilodi amadziwa K300,000 yawo, sadziwa za tepi yanu, ndipo amene dzina lake lili pa pepala la mgwirizano ndi amene adzamugogodere. N'chifukwa chake m'kope mwathu tinalemba kuti wofuna kuchoka anene kutatsala mwezi wathunthu, alipire mwezi umenewo ngakhale atachoka msanga, ndipo tsiku lonyamula katundu tiwerenge mamita onse awiri kuti alipiriretu gawo lake la madzi amene bilu yake sinabwere. Ndalama ya chikole imene anapereka polowa amubwezere ndi wolowa m'malo mwake, zowonongeka za m'chipindamo zitachotsedwa. Wophunzira uja atamaliza maphunziro, m'chipinda mwake munalowa mayi wina wogwira ntchito kubanki. Mtengo wa chipinda unakhala womwewo, K45,000, koma K10,000 ya thandizo ija inachoka, malo a tonse tinabwerera pa K40,000 aliyense, ndipo madzulo a tsiku lomwelo tinatembenuza ketulo ndi choumitsira tsitsi chake kuti tione mawati.